Kufufuza ngati makina otonola chimanga alipo kale m'mapatenti

"Ndapanga makina a pamanja otonola chimanga amene amapetanso nthawi yomweyo. Ndasaka pa Google Patents, sindinapeze ofanana nawo. Kodi ndingakalembetse patenti tsopano?"

Achimwene, musathamangire kulipira. Mawu okha amaphonya zambiri, chifukwa olemba mapatenti satchula chinthu mofanana: wina alemba `maize`, wa ku Amereka alemba `corn`, wina makina omwewo awatcha `thresher` osati `sheller`. Ntchito ya mawu ndi kukufikitsani pa nambala ya gulu, poti mapatenti amaikidwa m'magulu okhala ndi nambala. Lowani pa Espacenet, tsamba losakirapo mapatenti la ofesi ya mapatenti ya ku Ulaya, mulembe izi, pomwe `ta` akusaka m'mutu ndi m'chidule cha chikalata:

```
(ta=maize OR ta=corn) AND (ta=sheller OR ta=thresher)
```

Tsegulani zikalata khumi zoyandikira kwambiri, muone nambala zimene zikubwerezabwereza. Mupeza `A01F11/06`, gulu la makina ochotsa chimanga pa chitsononkho. Oyesa mapatenti amaika chikalata m'gululi potengera zimene makina amachita, kaya chinalembedwa m'Chitchaina kapena m'Chijeremani.

Koma chatsopano pa makina anu si kutonola ayi, ndi kutonola kophatikiza kupeta. Zoyeretsa mbewu zili mu `A01F12/44`, ndiye phatikizani ziwirizo:

```
ipc=A01F11/06 AND ipc=A01F12/44
```

Pali njira ziwiri zoikira mapatenti m'magulu: IPC, ya padziko lonse, ndi CPC, imene imagawa magulu omwewo mwatsatanetsatane. Yambani ndi `ipc`, kenako mubwereze ndi `cpc`. Zikalata zambiri za ku China za makina ang'onoang'ono zili ndi IPC yokha, ndipo wosaka ndi CPC basi saziona, chonsecho n'kumene kuli makina ambiri otere. Zikachuluka zedi onjezerani mawu amodzi monga `ta=manual`, koma dziwani kuti mawu aliwonse owonjezera amataya zikalata zina zabwino. Zikakhala mazana awiri kapena atatu, ndi bwino kungodutsamo poyang'ana zojambula. Diso limazindikira fani ndi sefa msanga kuposa kuwerenga.

Mayina abwere pomaliza. Mukapeza chikalata chofanana kwambiri, sakani amene anapanga makinawo ndi `in=` ndiponso kampani yake ndi `pa=`, poti munthu mmodzi amalembetsa kangapo akamawongolera makina ake. Yesani kalembedwe kosiyanasiyana, monga `Müller` ndi `Mueller`, ndipo dzina lofala ngati `Wang` liphatikizeni ndi nambala ya gulu, apo ayi mumira. Onaninso zikalata zimene chikalatacho chatchula ndi zimene zachitchula. Mu lipoti la oyesa, zikalata zotchulidwa zimapatsidwa zilembo: X akutanthauza kuti chikalata chimenecho pachokha chikutsutsa kuti chinthucho n'chatsopano, pomwe Y amatsutsa akaphatikizidwa ndi china.

Patenti yakale, ngakhale inatha mphamvu, imawerengedwabe. Chimodzimodzi kanema wa pa intaneti, lipoti la pa yunivesite, ngakhale makina anu omwe ngati mwayamba kuwagulitsa kapena kuwaonetsa poyera, choncho asungeni kaye mwachinsinsi. Komanso pempho la patenti nthawi zambiri limatuluka poyera pakatha miyezi 18, kotero zambiri zimene ena apereka chaka chino simungazione. Musanapite ku ofesi ya mapatenti kapena ku ARIPO, bungwe loona za mapatenti la mayiko ena a mu Africa, ku Harare, lembani mzere uliwonse umene munasakira, tsiku lake ndi zikalata zisanu zoyandikira, mukapatse wokuthandizani kulemba pempho.