Chuku pa chambiko: kuwengula kapena kutaya?

"Achemwali, chambiko changa chachita timadontho tiwiri tobiriwira pamwamba, koma chatsala chambiri. Ndingochotsa ndi supuni chinacho ana adyere nsima? Ena akuti choopsa n'chakuda chokha."

Eee, mng'ono wanga, ndaona chithunzi watumizacho. Ndingolankhula, kulemba kundichedwetsa. Chimenecho taya chonse. Ndikudziwa mtima ukuwawa ndi mitengo ya masiku anoyi, koma supuni sikuthandiza apa.

Chifukwa chake n'chakuti chuku ndi mtundu umodzi ndi bowa. Zomwe ukuona pamwambapo ndi zomwe zatulukira poyera basi, koma pansi pali timizu tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. Ndiye chambiko ndi yogati n'zofewa, n'zamadzimadzi, timizuto timangolowa osavutika, ndipo poizoni amene chuku china chimapanga amasungunukira m'menemo. Iwe uchotsa kadontho, pansi pakuoneka poyera bwinobwino, koma sungadziwe kuti zafika pati. Komanso supuniyo ikangokhudza, fumbi la chukulo limawazikira ponseponse. Kuchotsa kumatheka pa tchizi cholimba chija, chifukwa m'menemo timizu sitiyenda msanga. Apo umadula mozungulira ndi pansi pomwe masentimita awiri ndi theka, mpeni osaukhudzitsa pachukupo. Koma zamkaka zomwa kapena zodya ndi supuni, ayi.

Tsopano za mitunduzo. Amene akuti choopsa n'chakuda chokha akukunamiza, kaya nawonso anangomva. Chakuda inde n'choipa. Chobiriwira kapena chabuluu ngati chakocho ndiye chimene chimabwera kawirikawiri pazamkaka, chimamera ngakhale m'firiji mozizira, ndipo mitundu ina yake imapanga poizoni. Ndi maso sungasiyanitse kuti ichi chili naye, ichi chilibe. Chimene anthu ambiri amachinyozera ndi chapinki kapena cha olenji. Chimenechi nthawi zambiri sichikhala ndi ubweya, chimangokhala kamzere koterera m'mbali mwa chigubu kapena pachivundikiro, ndipo m'yogati wa sitirobere umayesa ndi mtundu wake. Kawirikawiri amakhala mabakiteriya kapena yisiti. Ukachiona, usalawe n'komwe.

Choyera ndiye chimasokoneza. Chikakhala ndi ubweya ngati thonje, n'chuku ndithu, ndipo zina zimayamba zoyera kenako n'kudzabiriwira mawa lake. Mu 2013 ku America anachotsa m'masitolo yogati wambiri wa kampani ina chifukwa cha chuku chotere. Timakapu tinkatupa, anthu ambiri anadandaula za m'mimba ndi kusanza. Ndiye ukaona kapu kapena paketi yatupa, kapena ikuchita thovu potsegula, imeneyonso ndi yotaya, olo deti lisanakwane.

Zomwe sizoopsa ndikuuzenso, kuti usamataye chakudya chabwino. Timadzi tachikasu timene timayandama pamwamba, amenewo ndi madzi a mkaka omwewo angodzilekanitsa. Takasa, kapena tsanula, idya. Chambiko chopanga wekha ndi mkaka wa ng'ombe chimakhalanso ndi mafuta achikasu pang'ono pamwamba, osalala, opanda ubweya. Palibe vuto. Kuwawasa ndiye chambiko chimene. Koma fungo ngati la chipinda chachinyezi, kapena chikumanyulumuka ngati therere, chimenecho chapita.

Aaa, ndisaiwale. Usati uchiwiritse kapena uthire m'phala kapena muchigumu. Moto umapha chukucho, koma poizoni wake ambiri sapsa, monga mmene zimakhalira ndi chimanga kapena mtedza wachuku. Ndiponso usachiyandikitse kumphuno kuti ununkhize, makamaka iwe wa chifuwa cha mphumuwe. Tseka, manga m'jumbo, taya komwe ana safikako.

Ngati wina walawa kale supuni imodzi, usachite mantha, nthawi zambiri sipachitika kanthu. Ingomuyang'anira, azimwa madzi. Akayamba kusanza kosalekeza, kutsegula m'mimba, kutupa milomo kapena kubanika, thamanga naye kuchipatala. Osamala kwambiri ndi makanda, oyembekezera, agogo, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika.

Pachithunzipo ndaonanso kuti timadontho tili chakukhosi kwa chigubu, pomwe pamauma mkaka. Apo ndi pamene chuku chimayambira, makamaka ana akamamwera pakamwa kapena kubwezeramo supuni yonyambita. Uzitsanulira m'kapu, upukute pakhosipo, utseke. Firiji izikhala pa madigiri 4, ndipo magetsi akamathimathima uzigula tating'ono toti muthe tsiku lomwelo. Ngati chigubucho umapangiramo chambiko chako, chitsuke ndi sopo ndi madzi otentha, chiume padzuwa, ndipo chotupitsira ukatenge kwina, osati m'chimenechi. Alamu uwapatse moni.