Mafuta a pamimba, tiyi wochapa m'mimba ndi mapilisi ochepetsa thupi

"Ndili ku Salima kuno ndipo ndikufuna kuchepetsa mimba yokha, thupi lonseli lili bwino. Ndayamba masewera a pamimba, ndiponso ndamwa tiyi wa ditokisi sabata imodzi n'kutsika makilogalamu 2. Amene amandigulitsa akuti ndiwonjezere mapilisi owotcha mafuta. Ndigule?"

Achemwali, mapilisiwo musagule, ndipo tiyiyo ndikupemphani kuti mumusiye. Ndifotokoza chifukwa chake poyambira pa makilogalamu 2 amene sikelo yakuwonetsani.

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga mphamvu yokwana makalori pafupifupi 7,700, kotero makilogalamu 2 ndi makalori 15,400. Thupi la mayi wamkulu limagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 2,000 patsiku, amene ndi 14,000 pasabata. Izi zikutanthauza kuti ngakhale mukanakhala sabata yonseyo osalawa chakudya chilichonse, simukanachotsa mafuta ochuluka choncho. Zimene zatuluka ndi madzi ndi chimbudzi, ndipo mukasiya tiyiyo sikelo idzabwerera pakale m'masiku ochepa.

Tiyi wambiri wa mtunduwu amakhala ndi masamba a sena, amene ndi mankhwala otsegula m'mimba. Sena amagwira ntchito m'matumbo aakulu, pamene chakudya chimakhala chitayamwidwa kale m'matumbo aang'ono, choncho mphamvu ya nsima imene munadya imakhala italowa kale m'magazi. Chimene mumataya ndi madzi pamodzi ndi mchere wa potaziyamu, umene umafunika kuti mtima uzigunda bwino. Kuno kunyanja, kumene timatuluka thukuta usana ndi usiku nthawi yotentha, kutaya madzi kotere kumabweretsa chizungulire, kupweteka kwa mutu ndi kukokana kwa minofu. Kutsegula m'mimba kwambiri kungachititsenso kuti mapilisi akumwa olerera asayamwidwe bwino. Za poizoni amene akuti tiyiyo amachapa, ntchito imeneyo imagwiridwa ndi chiwindi ndi impso tsiku lililonse, ndipo ziwalozi zikadwala mankhwala ake ndi kuchipatala.

Masewera a pamimba musawasiye, chifukwa amalimbitsa minofu, koma sasankha mafuta oti achoke. Thupi likafuna mphamvu limatulutsa mafuta m'malo onse amene linasunga, mafutawo amalowa m'magazi n'kukagwiritsidwa ntchito kulikonse, ndipo malo amene amayamba kuchepa amatengera chibadwa cha ku mtundu kwanu, msinkhu, komanso ngati munthu ali mwamuna kapena mkazi. N'chifukwa chake ena amayamba kuonda kumaso mimba idakalipo. Lamba womanga pamimba amangotulutsa thukuta, ndipo madziwo amabwerera mukamwa.

Mapilisi ndi amene amandidetsa nkhawa koposa. Ambiri amakhala ndi kafeini wochuluka, amene amathamangitsa mtima ndi kusowetsa tulo, pamene mafuta amene amachotsa ndi ochepa kwambiri. Choopsa china n'chakuti zolembedwa pabotolo sizikhala zonse zimene zili m'kati. Mankhwala otchedwa sibutiramini anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku Amereka m'chaka cha 2010 chifukwa ankawonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko, komabe akhala akupezeka atabisidwa m'mapilisi ochepetsa thupi olembedwa kuti ndi a zitsamba. Munthu amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, woyembekezera kapena woyamwitsa asayerekeze n'komwe kuwamwa. Ngati wina wawamwa kale ndipo mtima ukugunda mofulumira, pachifuwa pakupweteka, kapena maso asanduka achikasu, apite kuchipatala msanga atatenga botololo kuti madokotala alione.

Chimene chimachotsa mafuta ndicho kudya mphamvu yocheperako kusiyana ndi imene thupi likugwiritsa ntchito. Mukachepetsa makalori pafupifupi 500 patsiku, mumataya mafuta okwana pafupifupi theka la kilogalamu pasabata. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo botolo laling'ono la chakumwa chozizilitsa kukhosi cha shuga lili ndi makalori ochuluka chimodzimodzi. Tsono mukachotsa masupuni awiri a mafuta mwa kuphika kapena kuwamba chambo ndi usipa m'malo mokazinga, n'kusiya botolo limodzi lija, mwachotsa kale makalori pafupifupi 360. Otsalawo angachoke poyenda mofulumira kwa mphindi 30 kapena 40 m'mawa dzuwa lisanawawe. Nsima musaisiye, chepetsani ntanda umodzi ndipo muwonjezere ndiwo zamasamba kapena nyemba kuti mukhute.

Poyeza kusintha, gwiritsani ntchito tepi ya atelala pamchombo kamodzi pasabata, m'mawa musanadye. Mlingo wabwino ndi wosapitirira theka la kutalika kwanu: ngati ndinu wamtali masentimita 160, m'chiuno musapose 80. Koma ngati mimba ikukula thupi lonse lisakunenepa, kapena ndi yolimba, ikupweteka, kapena mukutaya magazi ambiri posamba, mukapimitse kuchipatala cha boma, chifukwa zotupa za m'chiberekero kapena madzi odzaza m'mimba zimathanso kuoneka ngati kunenepa.