Zilembo zosokonekera mu Word

"Ndasintha PDF ya lipoti la kalabu yathu ya tiyi ku Thyolo kukhala Word, koma mawu asanduka timabokosi. Chalakwika n'chiyani?"

Achimwene, PDF imasunga maonekedwe a zilembo. Nthawi zambiri fonti imalowetsedwamo yodulidwa, zilembo zogwiritsidwa ntchito zokha, chilichonse ndi nambala yake yatsopano. Chouza Word kuti nambala iyi ndi ŵ ndi tebulo lotchedwa ToUnicode. Likasowa, Word imangolota.

Yesani kukopera mzere umodzi wa mu PDF muuike mu Notepad. Ukatuluka bwino, vuto ndi fonti yosowa pakompyuta panu, ingosankhani ina mu Word. Ukasokonekeranso, kusintha fonti n'kutaya nthawi. Pamenepo pemphani fayilo yoyambirira kwa mlembi wa kalabu, apo ayi idutsitseni PDF yanuyo mu OCR, pulogalamu yowerenga zilembo kuchokera pachithunzi, ngakhale kachipewa ka ŵ kamakonda kuthawa.