Thupi labwerera koma msinkhu ukutsalira: mwana wotere angatalikebe bwanji?

"Anzanga ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamwamuna wakwanitsa zaka 3. Ali ndi chaka ndi miyezi iwiri anadwala chikuku, kenako kutsegula m'mimba kosatha, ndipo chinali chaka choti sitinakolole. Anakhala pa Chiponde miyezi iwiri, thupi linabwerera, pano akulemera makilogalamu 12. Koma dzulo kusikelo amuyeza kutalika apeza masentimita 87, anzake obadwa nawo mwezi umodzi anamusiya kalekale. Apongozi akuti ndi mtundu chabe. Kodi adzawapeza anzakewo, kapena basi zatha?"

Mayi, pepani ndi zomwe munadutsamo, ndipo mwachita bwino kutiuza manambala, chifukwa ndi amene atithandize. Ine ndayeza ana kusikelo kwa zaka zambiri, ndiye ndikuuzani mosabisa. Sizinathe ayi, mwanayo akhoza kubweza gawo la msinkhu umene unatayika. Koma kuti abweze wonse n'kovuta, ndipo zimene angabwezezo zidzabwera pang'onopang'ono, kwa zaka, osati ngati momwe thupi linabwererera.

Thupi la mwana likasowa chakudya kapena likamalimbana ndi matenda, limayamba layimitsa ntchito yotalikitsa mafupa kuti mphamvu zipite kumtima, ku ubongo ndi kolimbana ndi matendawo. Zinthu zikayamba kuyenda bwino, limabweza kaye mnofu ndi mafuta. Madokotala a ku Jamaica amene ankasamalira ana onyentchera kwambiri anaona kuti ambiri sankayamba kutalika mpaka sikelo yawo itatsala pang'ono kufika pomwe iyenera kukhala malinga ndi kutalika kwawo. N'chifukwa chake Chiponde chimadzaza masaya m'masabata ochepa koma pathabwa loyezera kutalika simuona kusintha. Makilogalamu 12 pa masentimita 87 akugwirizana bwino, kutanthauza kuti mwana wanu si wowondanso. Gawo loyambalo linatheka.

Tsopano tiwerengere msinkhuwo. Mwana amabadwa ndi masentimita pafupifupi 50. Chaka choyamba amawonjezera pafupifupi 25, chachiwiri pafupifupi 12, ndipo kuyambira pamenepo liwiro limatsika kufika pa 6 kapena 7 pachaka mpaka nthawi yotha msinkhu. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Miyezi sikisi yodwala kwa mwana wa chaka chimodzi imamulanda masentimita ochuluka kuposa miyezi sikisi yomweyo kwa mwana wa zaka 7, ndipo akamadzachira amapeza kuti nyengo yothamangayo yadutsa. Pa tchati cha bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO chimene timagwiritsa ntchito, mnyamata wapakatikati wa zaka 3 amakhala ndi masentimita 96, ndipo amene sanafike 88.7 timati wapinimbira. Wanuyo watsalira ndi 9. Mnyamata wapakatikati uja akamakwanitsa zaka 4 amakhala pa 103. Ndiye mwana wanu akawonjezera 7 chaka chino, adzafika 94: wakula bwino ngati anzake, koma mpata uja wa 9 uli pomwepo. Akawonjezera 9, adzafika 96 ndipo mpata watsika kufika pa 7. Kumeneko ndiye kubweza kwenikweni, kukula mothamanga kuposa amsinkhu wake. Akawonjezera 5 okha ndiye kuti akutsalirabe, ndipo pali china chimene chikumudya.

Funso loti angabweze zochuluka bwanji yankho lake limatengera kutalika kwa nthawi imene anavutika, msinkhu umene zinamugwera, ndi ngati moyo wake wasinthadi pambuyo pake. Mwana amene amakula bwino, n'kudwala malungo kapena chibayo sabata ziwiri zitatu, amabweza zonse osadziwika n'komwe kuti anadwalapo. Ngakhale mwana wopinimbira kwambiri akhoza kudabwitsa anthu ngati zonse zomuzungulira zasintha. Ana a m'nyumba zosungira ana amasiye ku Romania amene anatengedwa ndi mabanja a ku Mangalande ulamuliro wakale utagwa mu 1989 anafika ali ang'onoang'ono zedi, koma pofika zaka 4 ambiri anali atatsala pang'ono kufanana ndi anzawo pa msinkhu, makamaka amene anatengedwa ali makanda. Kungoti anawo anasintha zonse nthawi imodzi: chakudya, madzi, chisamaliro ndi chipatala.

Chitsanzo chimene chikufanana ndi chanu n'cha kwathu konkuno. Ana amene anagonekedwa pachipatala cha Gulupu ku Blantyre chifukwa cha kunyentchera kwambiri mu 2006 ndi 2007 anafunidwanso patapita zaka 7, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Amene anapezeka ali moyo anali atabwezako msinkhu poyerekeza ndi momwe analili m'chipatala, koma anali aafupibe kuposa abale awo a bere limodzi komanso anzawo a m'dera lomwelo. Chinandikhudza ine n'chakuti kufupikako kunali kwenikweni m'miyendo. Akawakhazika pansi n'kuyeza kuchoka pampando kufika pamutu, kusiyana kunali kochepa. Miyendo ndi imene imathamanga kukula m'zaka zoyambirira, ndiye ndi imene imalipira njala ndi matenda a nthawi imeneyo. Anawa anabwerera kumakomo komwe anachokera, kuphala lomwe lija ndi madzi omwe aja, ndipo n'zimene zimachitikira ana athu ambiri. Potengera zimenezi, maganizo anga ndi oti pa masentimita 9 aja muyembekezere kubweza ena, osati onse, ndipo kuchuluka kwake kudalira zimene zichitike pakhomo panu zaka zikubwerazi.

Mwina munamvapo za masiku 1,000 oyambirira, kuchokera potenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. N'zoona kuti nthawi imeneyi ndi imene kupinimbira kumayambika komanso kumapeweka mosavuta, koma ena amaifotokoza ngati kuti likangokwana tsiku la 1,000 chitseko chatsekedwa, ndipo amayi ambiri amataya mtima pachabe. Kumapeto kwa mafupa aatali kuli kachigawo kofewa komwe fupa limakulira, ndipo kamatsekeka mwana akamaliza kutha msinkhu. Ana amene anavutika ali aang'ono nthawi zambiri amachedwa kutha msinkhu, choncho amakhala ndi nthawi yotalikirapo yokula. Kumidzi ya ku Gambia, komwe ana akhala akuyezedwa kwa zaka makumi angapo, anapeza kuti achinyamata ankapitiriza kutalika anzawo a ku Ulaya atasiya kale, n'kubweza gawo lina la zimene anataya. Ndiye musamuweruze pa zaka 3, ngakhale pa zaka 12.

Za apongozi, musawatsutse mwaukali, akunena zoona pang'ono. Kuti muone msinkhu umene angadzafike akakula potengera mtundu, tengani kutalika kwa bambo ake m'masentimita, muphatikize ndi kwanu, muwonjezere 13, mugawe pawiri. Bambo a 168 ndi mayi a 156 zimapereka 168.5, ndipo mwana wamwamuna amatha kupitirira kapena kuchepera pamenepo ndi masentimita 8 kapena kuposerapo pang'ono. Koma kumbukirani kuti makolo ambiri aafupi kuno kwathu nawonso anapinimbira ali ana; kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 ali opinimbira. Zimene timati mtundu nthawi zina ndi njala ya makolo. Tsegulani buku lake la kusikelo. Ngati mzere unkakwera bwino n'kugwa nthawi ya chikuku ija, umenewo si mtundu.

Chochita choyamba si chakudya, n'kutsimikiza kuti palibe matenda obisala. Mwana amene anatsegula m'mimba nthawi yaitali chonchi ayenera kuyezedwa HIV ngati sanayezedwe kuchokera pomwe anasiya kuyamwa, aonedwe magazi ngati ndi okwanira, ndipo ngati ali ndi chifuwa chosatha kapena pakhomo pali amene anadwala TB muwauze adokotala. Mankhwala a njoka zam'mimba azimwa miyezi sikisi iliyonse, azigona m'masikito, madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Mwana amene amasewera pomwe pali zitosi za nkhuku n'kumaika zala m'kamwa matumbo ake amakhala otupa mkati ngakhale asakutsegula, ndipo chakudya sichilowa bwino m'thupi.

Pa chakudya, fupa silitalika ndi nsima yokha. Limafuna zomanga thupi ndi michere imene imapezeka kwambiri m'zakudya zochokera kunyama. Zotsika mtengo ndi usipa kapena bonya. Ukazingeni pang'ono, musinje wonse ndi mitu ndi minga yomwe mpaka ukhale ufa, musunge m'kabotolo kouma kotseka, ndipo muziika supuni imodzi kapena ziwiri m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro. Phalalo likhale lolimba loti silikuyenderera pasupuni. Mtedza wovunda kapena wachuku muzitaya, musamausinjire limodzi. Mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi wowiritsa, kapu imodzi patsiku, ndi chimodzi mwa zakudya zimene zimathandizadi msinkhu. Dzira likapezeka, ngumbi nyengo yake, nyemba, soya, zonsezi zilowe. Adye katatu ndi zotolatola kawiri, ndipo akhale ndi mbale yakeyake. Ndaonapo kambirimbiri kamwana kakang'ono kakudyera mbale imodzi ndi akuluakulu ake atatu: iko kakamati katsine mbamu yachiwiri, ndiwo zatha.

Chimene ndikupemphani kwambiri n'chakuti musamugulire mankhwala onenepetsa kapena otsegula chilakolako cha chakudya amene amagulitsidwa m'misika. Ena amakhala ndi mankhwala otupitsa nkhope amene kwenikweni amaimitsa kukula kwa mafupa. Musamudzazenso ndi zotsekemera ndi zokazinga pofuna kuti sikelo ikwere. Mwana wamfupi akanenepa kwambiri satalika, amangosenza chiopsezo cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi akadzakula.

Muzimuyezanso nokha kunyumba. Sankhani khoma loongoka pomwe pansi pali simenti, aime wopanda nsapato, zidendene, matako ndi mutu zikhudze khoma, maso kutsogolo. Ikani buku lolimba pamutu, mulembe kamzere ndi pensulo ndi deti lake. Muzichita m'mawa nthawi zonse, popeza madzulo munthu amafupikako pang'ono. Musayeze mwezi ndi mwezi, mungadzidwalitse mtima, chifukwa mwana amatha kuima kenako n'kudumpha, ndiponso nthawi ya njala kuyambira Disembala mpaka Malichi ana ambiri amachedwa. Yerekezani mizere yotalikirana miyezi sikisi. Pa msinkhu wakewu, masentimita atatu ndi theka ndiye kuti akuyenda limodzi ndi anzake, anayi ndi theka kapena kuposa ndiye kuti akubweza. Mukapeza awiri okha kapena kuchepera apo pomwe akudya bwino, musadikire sikelo ya mwezi wamawa, pitani naye kuchipatala cha boma ndi buku lake ndi manambala a pakhomawo, mupemphe kuti aonedwe ndi dokotala wa ana. Chimodzimodzinso mukaona mapazi akutupa kapena tsitsi likufiira n'kumathothoka, koma pamenepo ndiye mupite tsiku lomwelo.