Funso loti "mwandisiyiranji" sililandira yankho

"Achimwene, ndinakachita intavyu ya ukalaliki ku Ntcheu boma koma andikana. Ndiwafunse bwanji kuti andiuze zoona za pomwe ndinaphonya?"

Achemwali, kalata yanuyi yanditosa pachilonda. Ine ndinakanidwapo ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo mbewu kubungwe lina ku Dedza boma. Ndinanyamuka ku Bembeke kusanache, chisanu cha mu Juni chikuluma zala, jekete yobwereka, ndalama ya minibasi nditaipeza pogulitsa ndowa ya mbatatesi. Patatha sabata kunabwera uthenga wopepesa. Ndinaimba foni pomwepo, mtima ukuwira.

"Bwana, mwandisiyiranji?"

"Munachita bwino, kungoti opikisana nawo anali ambiri."

Basi, foni n'kudula.

Mwezi wathunthu ndinkauza aliyense kuti anali atasankhiratu wachibale. Mwinadi, zoterezi sizisowa. Koma funso lijali linali loipa, ndipo pamenepa sindisintha maganizo. "Mwandisiyiranji" ndi funso la pabwalo la milandu. Wofunsidwayo amaganiza kuti mawa mukamusumira ku ofesi ya zantchito, ndiye amakupatsani mawu oterera ngati therere, opanda pogwira. Komanso kuti aliyankhe bwino, ayenera kukamba za munthu amene anamutengayo, zomwe sangachite.

Nditakanidwanso kwina cha ku Lizulu, ndinadikira masiku awiri kuti mkwiyo uphwe. Sindinafune kupyola sabata, chifukwa nkhope imaiwalika ndipo mapepala omwe amalembapo malikisi amalowa m'kabati. Sindinalembere amene anatumiza kalata yondikana, iwo aja ntchito yawo ndi kungotumiza. Ndinalembera mayi amene pa intavyu anandipanikiza ndi mafunso a ntchito yeniyeniyo:

"Mayi, zikomo pondipatsa mpata Lachiwiri lija. Chigamulo chanu ndachilandira, sindikudandaula ayi. Ndikupempha chimodzi chokha: pa funso lija la matumba osowa, yankho langa linaperewera pati? Ngakhale mzere umodzi undithandiza."

Anayankha madzulo omwewo. Akuti anandifunsa chomwe ndingachite ngati buku likuti matumba alipo 200 koma powerenga ndapeza 194, ine n'kuyamba kukamba za kukhulupirika kwanga ndi satifiketi. Iwo amafuna kumva kuti ndiwerenganso, ndifananize buku ndi malisiti a katundu wotuluka, ndilembe lipoti tsiku lomwelo. Zinandiwawa chifukwa zonsezo ndinkazidziwa.

Tsono inuyo

Sankhani funso limodzi lomwe munaona kuti lilime linalemera, mulitchule. Lembani, musaimbe, kuti munthu ayankhe pa nthawi yake. Akakhala chete, akumbutseni kamodzi patatha sabata, kenako asiyeni. Akayankha, musayambe zoti "koma ndimatanthauza chakuti". Ine chala chinandiyabwa kuti nditero kwa mayi aja, ndinalemba mizere itatu yodziteteza, n'kuifufuta, n'kutumiza "Zikomo kwambiri mayi, ndamva."