Chidindo chikagwera pa nambala

"Anzanga, ndikulowetsa mainvoisi a 2024 m'kompyuta, koma anditumizira ojambula pa sikana. Pa ina chidindo cha PAID chagwera pa ndalama zonse, sindikudziwa ngati ndi K238,920 kapena K288,920. Pena siginecha yadutsa pa manambala. Nditani?"

Achemwali, musadalire maso pamenepa. 3 ndi 8 zimasiyana kumanzere kokha, ndiye mzere wa chidindo ukadutsa mbali imeneyo, 3 amatsekeka n'kuoneka ngati 8. Mukakulitsa chithunzi mungoona nambala imene mtima wanu wasankha kale. Chothandiza n'choti pa invoisi nambala siikhala yokha. Imachokera ku manambala ena a papepala lomwelo, ndipo chidindo sichingaphimbe onse.

Yang'anani mzere wa VAT. Mu 2024 msonkho umenewu unali 16.5%. Tinene kuti mzerewo ukuoneka bwino ndipo palembedwa K40,920. Mu Excel lembani:

```
=40920/0.165
```

Yankho ndi 248,000, mtengo wa katundu asanaikepo msonkho. Mukaphatikizapo 40,920 mupeza K288,920. Ikanakhala K238,920, ndiye kuti katunduyo ndi wa K198,000, ndipo msonkho wake ukanakhala K32,670. Mukatero kwerani pamwamba muchulukitse kuchuluka kwa katundu ndi mtengo wake: ngati ndi matumba 16 pa K15,500 lililonse, mufikanso pa 248,000. Ine ndimakhazikika mtima pansi njira ziwiri zosiyana zikandifikitsa pa nambala imodzi, osati imodzi yokha. Chenjerani pamene invoisi ili ndi katundu wina wosalipiritsidwa VAT, chifukwa kugawa kuja kudzakupatsani mtengo wa katundu wamsonkho yekha. Pamenepo phatikizani mzere ndi mzere.

Onaninso ngati ndalamazo zalembedwa m'mawu pansi pake. Ikakhala sitetimenti ya ku banki, ntchito imaphweka: tengani zotsala za mzere wapamwamba, chotsanipo zotsala za mzere wophimbikawo, ndipo kusiyanako ndiyo ndalama imene yabisika.

Masamu amalephera pa nambala ya invoisi, tsiku, kapena nambala ya akaunti, popeza izi sizichokera kwina. Apa ndi pamene mtundu wa inki umagwira ntchito. Zidindo zambiri za m'maofesi ndi zabuluu, zapepo kapena zofiira, pomwe manambala osindikiza ndi akuda. Chithunzi cha m'kompyuta chimapangidwa ndi mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, ndipo mutha kuona umodzi paokha. Mu GIMP, pulogalamu yaulere, pitani pa `Colors > Components > Decompose`, musankhe `RGB`. Chidindo chofiira chimazimirira pa gawo la `red`, chabuluu ndi chapepo pa gawo la `blue`, pomwe nambala yakuda imatsala pa magawo onse atatu. Chidindocho sichichokeratu, makamaka pamene wodinda anakanikiza inki n'kuunjikana m'mbali, koma chimatuwa mokwanira kuti muone ngati 3 uja anali wotseguka.

Zimenezi zimatheka pokhapokha sikaniyo ili ya mitundu. Ngati anajambula pa `Black & White`, kapena anayamba achita fotokope, inki zonse zinasanduka zakuda ndipo palibe pulogalamu yoti n'kuzilekanitsa. Auzeni ajambulenso pepala lenileni pa `Color`, pa 300 dpi, ndipo pa WhatsApp atumize ngati `Document`. Akatumiza ngati chithunzi wamba chimafinyidwa, ndipo timizere ting'onoting'ono ndi timene timayamba kuwonongeka.

Siginecha ya cholembera chakuda ndiyo yovutitsitsa, chifukwa mtundu sukuthandizani. Tsatirani mzere wake kuchokera kunja kwa nambala, muone pamene walowera ndi pamene watulukira. Mzere wa dzanja umapindika ndipo umanenepa kwina n'kuonda kwina, pomwe manambala osindikiza amafanana msinkhu ndi m'lifupi. Pezani 3 ndi 8 ena papepala lomwelo muyerekeze nawo. Chenjeraninso ndi 1, amene kamchira ka siginecha kamamusandutsa 7 kapena 4.

Chithunzi chimene mwachotsa mtundu chikhale chowerengera basi. M'failo musunge choyambirira osachikhudza, ndipo pambali pa nambala imene mwalowetsa mulembe kuti munaipeza powerengera VAT ndi mizere ya katundu. Odita akadzafunsa, yankho lidzakhala pomwepo. Koma ngati masamu akupereka nambala ina, zimene zikuoneka pansi pa chidindo n'kukhala zina, musasankhe nokha. Mwina n'kulakwitsa chabe kwa wolemba invoisi, komabe chidindo chimathanso kuikidwa dala pamene nambala yasinthidwa. Isiyeni kaye osailowetsa, pemphani kope ina kwa amene anagulitsa katunduyo, ndipo muyerekeze ndi ndalama zimene zinatulukadi ku banki.