Wailesi ya kanema imodzi yaikulu kapena ziwiri zocheperapo?

"Ndili ndi malo ogulitsira zakumwa ku Makawa, ndipo tsiku la mpira mumalowa anthu pafupifupi 40. Chipindacho n'chotalika mamita 8. Wogulitsa akundiuza kuti ndigule wailesi ya kanema ya mainchesi 65. Kodi ndimvere zimenezi?"

Bambo, musanatulutse ndalama tengani tepi muyeze kuchokera pakhoma mpaka pa benchi lomaliza, chifukwa kasitomala amene amabwerera pakhomo ndi uja wakhala kumbuyo osaona zigoli. Kuti munthu awerenge zigoli ndi mphindi zimene zimalembedwa pakona, asatalikire kupitirira kasanu ndi kamodzi msinkhu wa sikirini. Ya mainchesi 65 msinkhu wake ndi masentimita 81, choncho imafika pafupifupi mamita 5 basi, ndipo okhala m'mamita atatu otsalawo azingoimirira ndi kutchingira anzawo.

Ine ndikadagula ziwiri za mainchesi 43. Iliyonse msinkhu wake ndi masentimita 53, ndipo imaoneka bwino mpaka mamita atatu ndi pang'ono. Yoyamba muikhomere kutsogolo, yachiwiri muipachike pa mtanda wolimba chapakati pa chipinda, itayang'ana a kumbuyo. Zonse zitenge chithunzi ku dikoda imodzi kudzera pa kabokosi kogawa HDMI, ndipo mawu azituluka pa sipika imodzi yokha, kuopa kuti angamamveke kawiri ngati muli kuphanga. Funsani mitengo ya ziwirizo, kabokosiko ndi zitsulo zopachikira, muyerekeze ndi wa yaikuluyo. Musaiwalenso kuti imodzi ikafa Loweruka, inayo imapulumutsa malonda a tsikulo.

M'munsi mwa sikirini mukhale pafupifupi mamita 1.6 kuchokera pansi, pamwamba pa mitu ya okhala, ndipo muiweramitse pang'ono. Isayang'anizane ndi khomo kapena zenera, chifukwa dzuwa la ku Mangochi limafafaniza chithunzi mpira wamasana usanafike pa hafu. Yopachikayo isayandikire malata, poti kutentha kwa mu Okutobala kumafupikitsa moyo wake.

Za magetsi muwerengeretu. Mawailesi awiriwo, dikoda ndi sipika zimadya mawati pafupifupi 180. Batire wamba la 12V 100Ah limasunga mphamvu ya mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma yoyenera kugwiritsa ntchito ndi theka lokha ngati mukufuna likhalitse, ndipo inveta imadyapo yake, motero mutsala ndi maola osakwana atatu. Amenewo ndi masewero amodzi, osati awiri. Magetsi akathima tsiku la masewero awiri, zimitsani yapakatiyo anthu asunthire kutsogolo.

Dikoda ya kunyumba musabwere nayo kumalowo, chifukwa kuonetsa DStv pamalo a malonda kumafuna phukusi la bizinesi lochokera ku MultiChoice, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, nawonso amafuna chiphaso. Ndalama zimenezi muzigawe ndi chiwerengero cha masiku a mpira pamwezi, kuti mudziwe mabotolo amene muyenera kugulitsa tsiku lililonse phindu lisanayambe kulowa.